Uthenga wasowa pa foni yanu, koma kodi wasowanso kwa anzanu?

Pa WhatsApp, mukakanikiza kwa kanthawi uthenga umene mwatumiza n'kudina kachizindikiro ka bini, foni sifufuta nthawi yomweyo. Imayamba yakufunsani kaye. Ngati foniyo ili m'Chingerezi, pamatuluka mizere itatu: Delete for everyone, Delete for me ndi Cancel. Womalizawo ndi wobwerera m'mbuyo osachita kanthu, ndipo suvutitsa munthu. Iwiri inayo ndi imene yachititsa manyazi anthu ambiri, chifukwa imaoneka ngati mapasa pamene ntchito zake n'zosiyana kutalitali. Wina umachotsa uthenga pamaso panu pokha, n'kuusiya uli bwinobwino pa foni za ena. Winawo umatuma lamulo ku foni za onse amene analandira uthengawo kuti nazonso ziuchotse.

Amene amawerenga Chingerezi bwino nawonso amaphonya, chifukwa munthu safufuta uthenga mtima uli m'malo. Amafufuta atazindikira kuti chithunzi chapita kwa apongozi m'malo mwa mnzake, kapena kuti mawu amene amanena abwana apita kwa abwana omwewo. Manja amanjenjemera, maso amangoona mawu oyamba, chala n'kudina. Ndiye taganizirani ngati mizereyo ili m'chilankhulo chimene simuchidziwa bwino, kapena ngati amene anaimasulira anasankha mawu osamveka. Foni zambiri zimene tili nazo zinadutsa m'manja mwa ena. Ina inachokera kwa mlongo ku Joni, ina inagulidwa pa msika wa m'malire itatcheredwa kale m'Chipwitikizi, ndipo mwini wake watsopano anangozolowera malo a mabatani osawerenga zolembedwapo.

Kuti timvetse chifukwa chake mizereyi ilipo iwiri, tiyenera kudziwa kumene uthenga umakhala. Ambiri timaganiza kuti zokambirana za pa WhatsApp zili pamalo amodzi, ngati bolodi limene tonse tikuliyang'ana, koma si momwemo. Mukatumiza uthenga, foni yanu imasunga kope lake, ndipo foni ya aliyense wolandira imasunganso kope lakelake. Zili ngati buku la malisiti la m'golosale, lija lokhala ndi kaboni: wogula amapita ndi lisiti lake, wogulitsa amatsala ndi kope m'buku. Wogulitsa akang'amba kope lake, lisiti la wogula lili chikhalire m'thumba mwake. Delete for me ndiko kung'amba kope lanu. Delete for everyone ndiko kutuma munthu kuti athamangire wogula uja akamupemphe lisiti, ndipo angathe kumupeza, kapena kupeza atalionetsa kale kwa anthu.

Mwayi wofufuta kwa onse sunalipo kuyambira kale. WhatsApp inaubweretsa chakumapeto kwa 2017, ndipo panthawiyo munthu anali ndi mphindi 7 zokha. Mu 2018 anawonjezera nthawiyo kufika pa ola limodzi ndi mphindi 8, kenako mu 2022 anaifikitsa pa masiku awiri ndi maola angapo pamwamba. Nthawiyo ikadutsa, mzere wa kufufuta kwa onse suonekanso, ndipo chimene chimatsala ndi kufufuta kwa inu nokha.

Vuto lalikulu, limene ndikufuna kuti aliyense alidziwe asanakumane nalo, ndi lakuti kulakwitsa kuwiriku sikulemera mofanana. Mukafufuta kwa onse pamene mumafuna kungoyeretsa foni yanu, mwataya uthenga, koma mukhoza kuulembanso n'kupepesa. Koma mukafufuta kwa inu nokha pamene mumafuna kuuchotsa kwa onse, mwadzitchingira njira. Kuti mulamule uthenga kuchoka kwa ena, muyenera kuukanikiza pa foni yanu, ndiye ngati pa foni yanu palibenso, mukanikiza chiyani? Uthenga uja umatsala pamaso pa anthu onse kupatula inu mwini wake, ndipo choopsa kwambiri n'chakuti inu mumapuma mpweya wabwino poganiza kuti zatheka.

Tiyerekeze nkhani imodzi

Tinene kuti pali mayi wina wa ku Lizulu, kumene msewu waukulu ndiwo malire a Malawi ndi Mozambique. Iye ndi msungichuma wa banki mkhonde, ndipo foni yake anamupatsa mchimwene wake amene amagwira ntchito ku Tete, choncho zonse za m'fonimo zili m'Chipwitikizi. Madzulo ena wajambula tsamba la kaundula losonyeza mayina a amene sanabweze ngongole ndi ndalama zimene aliyense watsala nazo. Amafuna kutumiza kwa wapampando, koma chithunzicho chapita ku gulu la amayi a ku tchalitchi, kumene kuli anthu ambiri, ena mwa iwo ndi eni mayina omwewo.

Wakanikiza chithunzicho mpaka chasintha mtundu, wadina bini, ndipo patuluka mizere itatu: Apagar para todos, Apagar para mim, Cancelar. Mayiyu Chipwitikizi amachidziwa cha pamsika, chowerengera ndalama ndi kupereka moni. Mizere iwiri yoyamba ikufanana mawu awiri oyambirira, ndipo kusiyana konse kuli pa mawu omaliza, todos ndi mim. Loyambalo likutanthauza onse, lachiwirilo ine. Akadakhala ndi mtima wodekha akanakumbukira kuti todos amalimva kawirikawiri anthu akamaitana gulu. Koma tinene kuti wadina wachiwiri.

Chithunzi chasowa. Pamalo pamene chinali sipanatsale kanthu, uthenga wa pamwamba ndi wa pansi yangolumikizana ngati sipanakhalepo chilichonse. Chizindikiro choyamba chakuti walakwitsa ndi chimenechi, ndipo sichifuna kudziwa chilankhulo chilichonse. Pa WhatsApp, kufufuta kwa onse kumasiya chipsera. Pamalo pa uthengawo pamatsala kabokosi kokhala ndi kamkombero kodulidwa ndi mzere pakati, ndi mawu opendekeka otuwa. M'Chingerezi mawuwo amati You deleted this message kwa wotumiza, ndipo kwa olandira amati This message was deleted. Mawu amasintha malinga ndi chilankhulo, koma kamkombero kaja ndi kupendekeka kwa zilembo sizisintha. Mukaona chipsera, lamulo lofufuta kwa onse laperekedwa. Mukaona poyera mbee, mwafufuta kwanu kokha.

Chizindikiro chachiwiri chimabwera nthawi yomweyo, koma sichichedwa kuchoka. Kuyambira mu Disembala 2022, munthu akadina kufufuta kwa iye yekha, pansi pa sikirini pamatuluka kamzere konena kuti uthenga wafufutidwa, ndipo kumapeto kwake kuli mawu amodzi odinika. M'Chingerezi ndi Undo, m'Chipwitikizi ndi Desfazer. Kamzereka kamakhalapo masekondi 5 okha. Mayi wathu akadina mawu amenewo nthawi isanathe, chithunzi chimabwerera pamalo pake, ndipo akhoza kuyambiranso n'kusankha mzere woyenera. Masekondi 5 ndi ochepa kwambiri kwa munthu amene akufuna kuwerenga kaye ndi kumasulira m'mutu, choncho ndi bwino kudziwiratu kuti kamzere kotuluka pansi mukangofufuta ndi khomo lothawira, ndipo mudine mawu a kumapeto kwake musanaganize zambiri. Palibe chimene mungawononge podina pamenepo, chifukwa kumangobwezeretsa zinthu mmene zinalili.

Nanga masekondiwo akadutsa? Ngati uthenga unapita kwa munthu mmodzi, palibenso batani lothandiza. Chotsala ndi kumuimbira munthuyo n'kumupempha kuti afufute yekha kumbali yake. Koma pagulu pali njira ina. Kuyambira mu 2022, adimini wa gulu ali ndi mphamvu yofufuta kwa onse uthenga wa membala aliyense, bola ukhale usanapitirire nthawi ija ya masiku awiri. Choncho mayiyu asataye nthawi kufunafuna chithunzi chimene chapita. Aimbe foni kwa adimini, osati kulemba uthenga umene ungawerengedwe mawa, n'kunena mosabisa kuti: "Amayi, pepani, ndaponya chithunzi cholakwika pagulu lathu, ndipo kwanga chasowa kale. Chonde chikanikizeni, mudine bini, musankhe mzere wonena za onse." Adimini akatero, pamalopo pamatsala chipsera chosonyeza kuti ndi adimini amene wafufuta, ndi dzina lake lomwe. Ndi chanzeru kumufotokozera mzere weniweni, chifukwa nayenso akhoza kugwa m'mbuna yomweyo n'kufufuta kwake kokha, ndiye pamenepo mudzafunika adimini wachiwiri ngati alipo.

Mzere wa onse ukakhala kuti palibe

Pali njira ina yosiyanitsira popanda kuwerenga, ndiyo kuwerenga mizere m'malo mowerenga mawu. Kabokosi kakatuluka ndi zosankha zitatu, ndiye kuti njira zonse ziwiri zofufutira zilipo, ndipo muyenera kusankha mosamala. Kakatuluka ndi ziwiri zokha, chimodzi ndi chobwerera m'mbuyo ndipo chinacho ndi kufufuta kwa inu nokha. Kufufuta kwa onse sikubwera kokha popanda mnzake. Ambiri amapusitsika apa: amaona batani limodzi lokha lofufutira n'kuganiza kuti poti ndi limodzi, likuchotsa paliponse.

Zifukwa zimene mzere wa onse umasowera n'zochepa. Mwina uthengawo si wanu, ndipo pagulupo si inu adimini. Mwina nthawi yadutsa. Chifukwa chachitatu ndi chimene chimasokoneza ngakhale odziwa foni: mwasankha mauthenga angapo nthawi imodzi, ndipo pakati pawo pali umodzi wa munthu wina kapena wakale kwambiri. Umodzi wokhawo umachititsa kuti mzere wa onse usaoneke pa mulu wonsewo. Zikatero musadine kanthu. Bwererani m'mbuyo, musankhe uthenga umodzi wokha umene ukukudetsani nkhawa, ndipo muona mzere uja wabwerera ngati nthawi ikadalipo.

Chimene sindingakulangizeni ndi kuloweza malo a batani. Anthu ambiri amati "wapamwamba ndiye wa onse," ndipo pa foni zambiri zimakhaladi choncho. Koma maonekedwe a kabokosika amasiyana pakati pa foni za Android, iPhone ndi kompyuta, ndipo eni pulogalamu amawasintha akafuna. Ngakhale pa foni imodzimodziyo, mizere ikatsika kuchoka pa itatu kufika pa iwiri, chala chozolowera malo chimagwera pa batani lina. Chodalirika ndi kuloweza mawu amodzi a m'chilankhulo cha foni yanu otanthauza onse, n'kumawafunafuna ndi maso nthawi iliyonse: everyone m'Chingerezi, todos m'Chipwitikizi. Ngati mawuwo simukuwaona, musayembekeze kuti uthenga uchoka kwa ena.

Pamene womasulira ndiye wakumba dzenje

Si nthawi zonse pamene wolakwa ndi chala chofulumira. Mapulogalamu ochezerana alipo ambiri, ena ang'onoang'ono a mabungwe, a sukulu kapena a zaulimi, ndipo ena amamasuliridwa m'zilankhulo zathu. Womasulira nthawi zambiri sapatsidwa foni kuti aone pamene mawu adzakhale. Amapatsidwa mndandanda wautali wa timawu, kalikonse pamzere wake, ndipo mizere iwiri imene pa sikirini imakhala moyandikana ingathe kukhala motalikirana pamndandandapo, mwinanso kumasuliridwa ndi anthu awiri osiyana. Munthu akaona Delete for me payekha, popanda mnzake pambali, Chichewa chimene chimabwera msanga ndi "Ndifufutire."

Mawu amenewa ndi Chichewa chabwino, koma pa batani ndi msampha. Tikamati "ndifufutire" timatanthauza kuti "chita ntchitoyi m'malo mwanga," monga timanenera kuti "nditungire madzi" kapena "ndigulire mchere." Sakunena chilichonse za kumene uthenga uchoke. Munthu amene watumiza zolakwika ndipo akufunitsitsa kuti zichoke, akaona "Ndifufutire" amamva ngati foni yamva pempho lake lenileni, ndipo amadina ndi mtima wonse. Mnzake wa mzerewo akamasuliridwa mwanjira yomweyo amakhala "Fufutirani aliyense," zimene wina angamve ngati akufufuta anthu pagulu kapena mauthenga onse. "Fufutani zonse" ndiye woipitsitsa, chifukwa wasintha nkhani kuchoka pa anthu kupita pa zinthu, ndipo munthu wosamala amauthawa poopa kutaya zokambirana zake zonse, n'kukadina wolakwika uja.

Chimene mizereyi ikufunsa ndi malo: uthengawu uchoke kuti? Ine ndikadapatsidwa ntchitoyi ndikanalemba "Kwa ine ndekha" ndi "Kwa onse," n'kusiya mawu oti kufufuta pamutu pa kabokosi, pamene pali funso. Mawu oti "ndekha" akugwira ntchito yaikulu, chifukwa akuchenjeza kuti ena atsala nawo. Kuika kusiyana kumayambiriro kuli ndi phindu linanso. Chichewa chimatalika kuposa Chingerezi, ndipo pa foni ya sikirini yaing'ono, kapena pamene mwini wake wakulitsa zilembo chifukwa cha maso, mawu aatali pa batani amadulidwa kumapeto n'kuikidwa timadontho titatu. Ngati mizere yonse iwiri ikuyamba ndi "Fufutani uthengawu kwa" ndiye kuti chimene chadulidwacho n'chomwe chimasiyanitsa, ndipo munthu amatsala ndi mabatani awiri ofanana ndendende. Wina angakonde kulemba "Pa foni yanga yokha," ndipo n'zomveka bwino, koma sizoona kwenikweni kwa amene walumikiza WhatsApp yake ndi kompyuta, chifukwa zimene wafufuta kwa iye yekha zimachokanso kumeneko.

Ndikukhulupirira kuti aliyense womasulira pulogalamu yotere ayenera kukana kupereka mizere iwiriyi asanaione pa sikirini yeniyeni, ndiponso asanapatse foniyo munthu wamba n'kumuuza kuti achotse uthenga kuti mnzake asauone, kenako n'kuyang'ana pamene chala chake chikupita. Mayeso amenewa satenga nthawi, ndipo amaulula zimene dikishonale singaulule.

Mapulogalamu ena ali ndi machitidwe awo

Amene wazolowera WhatsApp asaganize kuti kulikonse n'chimodzimodzi. Pa Telegram ya pa foni za Android, mukamafufuta uthenga pokambirana ndi munthu mmodzi, sipakhala mizere iwiri yofufutira. Pamakhala batani limodzi, ndi kabokosi kakang'ono kochonga kolembedwa Also delete for kenako dzina la mnzanuyo. Mukachonga, uthenga umachoka mbali zonse ziwiri, mukapanda kuchonga umachoka kwanu kokha. Apa chokuthandizani m'chilankhulo chilichonse ndi dzina la mnzanu: mzere umene uli ndi dzina lake ndiwo ukukhudza foni yake. Kuyambira mu 2019 Telegram ilibe malire a nthawi pa zokambirana za anthu awiri, imalola kufufuta ngakhale uthenga umene mnzanu anakutumizirani, ndipo siisiya chipsera. Choncho lamulo lija loti poyera mbee ndiye kuti mwafufuta kwanu kokha ndi la WhatsApp, pa Telegram siligwira ntchito.

Messenger inabweretsa kufufuta kwa onse mu 2019 ndi malire a mphindi 10, ndipo mawu a pa mabatani ake akhala akusintha, nthawi ina Remove, nthawi ina Unsend. Iyo imasiya chipsera. Uthenga wamba wa SMS ulibe mwayi umenewu n'komwe: ukapita wapita, ndipo kufufuta kulikonse n'kwa pa foni yanu yokha. Pa WhatsApp pomwe, Clear chat ndi Delete chat zimayeretsa mbali yanu yokha, ngakhale zikumveka zamphamvu. Munthu amene wakwiya n'kufufuta zokambirana zonse ndi mnzake wangodzilanda yekha umboni, mnzakeyo ali nazo zonse.

Ngakhale mwadina woyenera

Tibwerere kwa msungichuma uja, ndipo tinene kuti ulendo uno wadina Apagar para todos, chipsera chaoneka. Kodi nkhani yatha? Zimadalira zimene zachitika pakati pa kutumiza ndi kufufuta.

Choyamba, lamulo lofufuta nalonso ndi uthenga, ndipo limafuna netiweki kuti lichoke. Ngati bandulo yatha chithunzi chitangopita, chipsera chikhoza kuoneka pa foni yake pamene lamulolo likudikirabe. Anthu ena akachita mantha amazimitsa data kapena foni yonse poganiza kuti aimitsa uthengawo, koma ngati uthenga uli kale ndi tiki imodzi ndiye kuti wachoka m'manja mwawo, ndipo kuzimitsako kumangotsekereza lamulo lofufuta. Data ikhale yoyatsa mpaka mutatsimikiza. Kumbali ya wolandira, ngati foni yake inali yozima nthawi yonseyi, akadzayatsa amapeza chipsera chokha, ndipo amenewo ndiwo mathero abwino koposa.

Chachiwiri, maso a munthu safufutika. Musanafufute, ngati muli ndi kamphindi, matiki amakuuzani zambiri: imodzi yotuwa ndiye kuti uthenga wachoka koma sunafike, ziwiri zotuwa wafika, ziwiri za buluu wawerengedwa. Pagulu matiki amasanduka a buluu pokhapokha onse atawerenga, choncho kutuwa kwake kusakunamizeni. Kuti mudziwe amene aona, kanikizani uthengawo n'kusankha Info, ndipo mupeza mayina a amene alandira ndi amene awerenga. Izi zimatheka uthenga usanafufutidwe, ndiye pa nkhani yoopsa ngati ya mayina a angongole ndi bwino kufufuta kaye, zofufuza zibwere pambuyo pofunsa anthu. Dziwaninso kuti matiki otuwa satsimikiza kuti munthu sanawerenge, chifukwa ena anazimitsa matiki a buluu, ndipo ena amawerenga pa kachidziwitso kotuluka pamwamba pa sikirini osatsegula pulogalamu. Foni za Android kuyambira mtundu wa 11 zili ndi Notification history, imene mwini foni akaiyatsa imasunga zidziwitso za maola 24 apitawo, kuphatikizapo mawu a uthenga umene wafufutidwa.

Chachitatu ndi makope. Ngati wina wajambula sikirini, kapena watumiza chithunzicho ku gulu lina, kope limenelo ndi uthenga watsopano wa iyeyo, ndipo lamulo lanu silifikako. Eni WhatsApp amachenjeza okha kuti pa iPhone chithunzi chikhoza kutsala mu Photos ngakhale uthenga wafufutidwa, ndiponso kuti sadzakuuzani ngati kufufutako kwakanika kwa wina. Palinso anthu amene amagwiritsa ntchito mapulogalamu osavomerezeka otengera WhatsApp, monga GBWhatsApp, ndipo chimodzi mwa zimene amawakondera ndi chakuti amatha kukana lamulo lofufuta. Kwa munthu wotero uthenga wanu umakhalabe, ndipo inu simungadziwe.

Zonsezi sizikutanthauza kuti kufufuta kwa onse n'kopanda ntchito. Pagulu la anthu ambiri, amene amaona uthenga m'mphindi yoyamba ndi ochepa, ndipo kufufuta msanga kumateteza ku maso a ena onse. Koma ngati chimene chapita ndi nambala yachinsinsi ya akaunti ya ndalama, musadalire chipsera, isintheni tsiku lomwelo. Ngati ndi mayina a anthu, monga zinalili kwa mayi uja, ndi bwino iye mwini awafikire eni mayinawo asanamve kwa ena. Chipsera chimadzutsa mafunso, ndipo mzere umodzi pagulu wonena kuti "Pepani, unali uthenga wopita kwina" umaziziritsa zinthu kuposa kukhala chete. Komanso ngati cholakwika ndi kalembedwe chabe, monga tsiku la msonkhano, palibe chifukwa chofufutira. Kuyambira mu 2023 WhatsApp ili ndi Edit, imene imalola kukonza mawu pasanathe mphindi 15 chitumizireni.

Pali zinthu ziwiri zimene mungachite lero, mtima uli phee. Ngati chilankhulo cha pulogalamu sichikukuyanjani, pa foni zambiri za Android mukhoza kuchisintha mkati mwa WhatsApp momwemo popanda kukhudza foni yonse: tsegulani Settings, pezani App language, pamene pali kachizindikiro ka dziko lapansi, n'kusankha chimene mumachimva. Kenako khalani pansi ndi mnzanu kapena wa m'nyumba mwanu, foni ziwiri zili poyera. Mutumizireni mauthenga awiri opanda pake. Woyamba ufufuteni ndi mzere umodzi, muyang'ane sikirini yanu ndi yake, ndipo kamzere ka pansi kakatuluka muyese kukadina nthawi isanathe. Wachiwiri ufufuteni ndi mzere winawo, muyang'anenso mbali zonse ziwiri. Ngati amayi anu kapena agogo ali ndi foni imene munawatcherera ndinu, chitani nawo zomwezo pa foni yawoyo, chifukwa mawu ndi malo a mabatani pa foni yawo akhoza kusiyana ndi a pa yanu.